Nyimbo ya pa maliro a agogo: ndithandizeni kukonza mawu

Tadala: Akuluakulu onse a pagulu pano, kwathu kwagwa zovuta. Agogo aamuna atisiya Lachiwiri usiku, anali ndi zaka 87. Tiika Loweruka kumudzi ku Dowa, tikudikira amalume ochokera ku Joni. Anali mkulu wa mpingo wa CCAP kuyambira amayi anga ali buthu. Akwaya andipempha kuti ndilembe nyimbo yathuyathu yoti tikaimbe, ndiye ndayamba chonchi:

Agogo athu mwatisiya tokha
Munali munthu wabwino kwambiri
Musalire abale, Mulungu wawakonda
Dziko lonse likulira ndi imfa yanu

Ndikamawerenga zikumveka bwino, koma ndikayesa kuimba lilime likupunthwa. Vuto lili pati?

Mayi Nabanda: Pepa mwananga, pepani nonse akubanja. Ambuye akutonthozeni.

Madalitso (Joni): Pepani achemwali. Ingotsegulani buku la Nyimbo za Mulungu, nyimbo za pamaliro zilimo zambiri. Mukapanda kulipeza nenani, langa ndili nalo kuno ndijambule masamba ake nditumize.

Tadala: Zikomo achimwene, bukulo tili nalo ndipo za m'bukumo ziimbidwa usiku wonse. Iyi ndi ina, ya agogo okha.

Aphunzitsi a Mbewe: Pepa Tadala. Tiye tiyambe ndi lilime lomwe likupunthwalo, chifukwa ndi losavuta kuchiza. Werenga maphatikizo pa zala. Mzere woyamba ali 11, wachiwiri 11, wachitatu 14, wachinayi 13. Chuni yomwe wayambira pa mzere woyamba ili ndi malo 11 okha, ndiye ukafika pa mzere wachitatu umathithikiza maphatikizo atatu owonjezera pamalo popanda mpata. Woimba mmodzi akhoza kuzembetsa, koma amayi 40 m'nyumba ya siwa aliyense azembetsa mwakemwake, nyimbo n'kuphwasuka.

Ine ndimalangiza maphatikizo 8 pa mzere uliwonse. Munthu amene wachezera, mawu atasasa, amatha kuimba 8 ndi mpweya umodzi. Kupitirira pamenepo amapumira pakati pa mawu.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa choyambacho. M'mizere inayi walankhula ndi agogo, kenako watembenukira kwa abale, kenako wabwereranso kwa agogo. Usankhe mmodzi woti ulankhule naye, ndipo popeza ndi nyimbo ya mpingo, ulankhule ndi Mulungu. Za agogo uzinene kwa Mulunguyo.

Yamikani: Ine ndikuona ngati vuto lina ndi loti mizere sikuthera mofanana. Tokha, kwambiri, wawakonda, yanu. Nyimbo yabwino imafunika kumapeto kuzigwirizana, ngati tokha ndi yekha.

Aphunzitsi a Mbewe: Kugwirizana kwa kumapeto sikuipa, Yamikani, koma m'Chichewa si kumene kumanyamula nyimbo. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye kufananitsa n'kotchipa, ndipo khutu silikuyembekeza. Chimene khutu limamva msanga ndi ichi: ife timakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza. Timati mi-SO-zi, a-GO-go, ku-LI-ra. Chuni ikagunda pa phatikizo lina, mwachitsanzo n'kukuimbitsani miso-ZI, agogo akumudzi amva kuti chinachake chapotoka ngakhale sanganene kuti n'chiyani. Nyimbo zambiri zakale zomasuliridwa zili ndi chilema chimenechi, chifukwa chuni inabwera kale kuchokera kunja, mawu athu n'kumakankhidwiramo. Tinazizolowera ndipo timazikonda, koma polemba yatsopano palibe chifukwa chotengera chilemacho.

Pa mzere wa maphatikizo 8, kugunda kugwere pa loyamba, lachitatu, lachisanu ndi lachisanu ndi chiwiri. Mawu a maphatikizo awiri kapena anayi amakhala okha bwinobwino. Ovuta ndi a maphatikizo atatu: amafuna kamawu kamodzi patsogolo pawo, monga ndi misozi.

Mayi Nabanda: Za manambalazo ine sindizitsata, koma ndili ndi mawu pa mzere wachitatu. Tadala, chotsa musalire. Bambo a kunyumba kwanga atamwalira, kwaya ina inaima pakhomo n'kumaimba kuti tisalire, tisalire. Ine ndinali pamphasa pafupi ndi bokosi, ndinangomva ngati akundikalipira. Munthu amene wakhala naye zaka zonsezo wagona apo, wina n'kumati usalire? Ndiponso zoti Mulungu wawakonda, mawu amenewo timanena tonse popepesa, koma namfedwa mumtima amafunsa kuti nanga ine sandikonda? Agogo ako aakazi alipo?

Tadala: Alipo mayi. Chiyambire Lachitatu sanadye zolozeka.

Mayi Nabanda: Ndiye nyimboyo ndi yawo. Ulembe ukuona iwowo.

Bambo a Chisomo: Pepani a kubanja. Komatu amayi, Baibulo limati tisalire. 1 Atesalonika 4:13.

Mayi Nabanda: Werengani vesi yonseyo bambo. Akuti tisalire monga amalirira anthu opanda chiyembekezo. Sanatseke misozi. Yesu pa manda a Lazaro analira, chonsecho ankadziwa kuti amuukitsa posachedwa. Amene anaika Stefano m'manda, pa Machitidwe 8:2, anamulira kwambiri ndipo akutchedwa anthu opembedza.

Bambo a Chisomo: Chabwino, pamenepo ndavomera. Koma nkhawa yanga yeniyeni ili pena. Nyimbo ya mpingo ndi yotamanda Mulungu. Zotamanda munthu zili ndi malo ake, ndi mbiri ya malemu imene amawerenga a kubanja ndi alembi a mpingo. Masiku ano makwaya akumaimba ngati malemu ndiye anali mpulumutsi. Ena mpaka kumalankhula ndi mtembo kuti mukatipempherere kumeneko. Zimenezo si za chikhulupiriro chathu.

Aphunzitsi a Mbewe: Nkhawa yanuyo ndi yoona, n'chifukwa chake ndati alankhule ndi Mulungu. Koma kutchula ntchito za munthu pamaso pa Mulungu si kumupembedza. Taonani pa Machitidwe 9:39. Dorika atamwalira, amasiye sanamuuze Petro kuti anali munthu wabwino kwambiri. Anamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorikayo anasoka, akulira. Ulemu wake unali m'zovalazo. Mzere wako wachiwiri, Tadala, ungaimbidwe pa maliro a munthu aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, choncho sukunena kanthu za agogo ako. Nawonso mzere woti dziko lonse likulira, anthu akumva akudziwa kuti si zoona. Tatiuza, ankachita chiyani chimene mwana aliyense m'mudzimo akudziwa?

Tadala: Ndi iwo ankaliza belu la kutchalitchi m'mawa uliwonse wa Sabata, mpaka chaka chatha miyendo itayamba kuvuta. Belu lake ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo, ankamenya ndi kachitsulo kena komwe ankasunga kuseri kwa chitseko, palibe mwana ankaloledwa kukagwira. Komanso mabanja akayambana ankapita kwa iwo asanapite kwa ankhoswe kapena kwa mfumu. Ankawakhazika pakhonde, iwo ali phee, ndodo ili pamiyendo, mpaka onse atatopa kulankhula. Ndodoyo ili potsamira khoma mpaka pano, palibe waichotsa.

Aphunzitsi a Mbewe: Basitu, nyimbo yonse waitchula kale. Ndodo, belu, khonde. Tayesa ndime yoyamba. Uyambe ndi anthu ali m'nyumbamo, kenako ndodo.

Tadala: Nayi:

Mbuye, taonani mbumba
Yasonkhana m'nyumba muno
Mpando wawo uli wokha
Eni ake mwawatenga

Yamikani: Yonse 8, 8, 8, 8. Yakhala bwino.

Aphunzitsi a Mbewe: Werenganso, Yamikani. Wachiwiri ndi wachitatu ali 9.

Yamikani: Bwanji? M uja sawerengedwa. Mbumba ndi awiri, mpando ndi awirinso.

Aphunzitsi a Mbewe: Pa mbumba wakhoza, m ndi b amatuluka limodzi, monga pa mbuzi kapena mfumu. Koma mpando, mtima, mtengo, mkulu, m wake amaima payekha, ndi mu wofupikitsidwa: m-pa-ndo. Tseka pakamwa uyese, umva kuti ukung'ung'udza kaye usanatsegule. Chimodzimodzi m'nyumba. Oimba ozolowera amamumeza m ameneyu, ndipo m'buku la nyimbo zimachitika kawirikawiri, koma theka la anthu likameza theka lina n'kumupatsa noti yake, mzere umayamba mokokana. Pa maliro mulibe nthawi yophunzitsa anthu pomezera. Kuli bwino kungopewa, kapena kumupatsa malo akeake.

Ndipo bwanji wathawa ndodo n'kutenga mpando? Mpando wopanda munthu tinaumva kale m'maliro ambiri. Ndodo ndi ya agogo ako.

Tadala: Ndinaopa kuti agogo aakazi akamva za ndodo alira kwambiri.

Mayi Nabanda: Alire mwananga. Amene sakudya uja akufunika alire.

Tadala: Chabwino. Ndakonza, ndawonjezanso yachiwiri:

Mbuye, taonani mbumba
Yasonkhana ndi misozi;
Ndodo ija yangotsala,
Eni ake mwawatenga.

Belu lija la m'mawa
Ankaliza osatopa;
Banja likagwedezeka
Ankalikhazika pansi.

Aphunzitsi a Mbewe: Eya! Tsopano ikuyenda. Pa la m'mawa m uja ali ndi noti yakeyake, la-m-ma-wa, ndipo mzere ukukwana 8 ndendende. Ukamaphunzitsa uwauze asamumeze. Ankalikhazika pansi ndaukonda kwambiri, kugunda kukugwera pa zi ndi pa, momwe timalankhulira.

Bambo a Chisomo: Ndime yachiwiriyo Mulungu mulibemo.

Aphunzitsi a Mbewe: Alimo ngati womvera, popeza ndime yoyamba yamuitana kale. Koma kolasi ikabwera pakati imubweza poyera. Tadala, kolasi ikhale yoti mtsogoleri aponye, anthu avomere, ndipo chovomeracho chikhale mzere umodzi wosasintha. Usiku kusiwa kulibe mapepala, nyali ndi imodzi, amuna ali panja pamoto. Munthu akamva kawiri, kachitatu alowe yekha. Chiyembekezo cha kuuka uchiike m'kolasimo, chifukwa ndi mawu amene abwerezedwe kwambiri.

Tadala:
Mtsogoleri: Yesu naye analira
Onse: Tikulira, tigwireni
Mtsogoleri: Adzadzutsa ogonawa
Onse: Tikulira, tigwireni

Madalitso (Joni): Achemwali pepani, koma tigwireni yekhayo kuno tikamumva timaganiza za apolisi ndi mapepala. Adzukulu kumanda akaseka.

Mayi Nabanda: Iwe Madalitso! Komatu wanena zoona. Onjezerapo dzanja.

Tadala: Tigwireni dzanja, Mbuye. Ti-gwi-re-ni-dza-nja-Mbu-ye. Akwana 8.

Sitela: Pepani a Tadala. Ine ndine wa Katolika, ndiye mundikhululukire ngati ndalowa pakhomo pa eni. Sindikuona paliponse pamene mukuwapempherera agogowo. Kwathu nyimbo ya maliro imapempha kuti Ambuye awalandire, awapatse mpumulo wosatha. Bwanji ndime yomaliza ithere poti mzimu wawo uuse mumtendere?

Bambo a Chisomo: Kwathu sitipempherera akufa, achemwali. Timakhulupirira kuti wokhulupirira akamwalira ali kale ndi Ambuye, pemphero lathu silisintha kanthu. Timapempherera otsala.

Sitela: Komatu mawu amenewo ndimawamva pa maliro a CCAP nthawi zonse, ndi pa ziliza analembapo.

Bambo a Chisomo: Olankhula amanena, inde, anthu anazolowera. Koma kuika m'nyimbo yoimbidwa pa mwambo wa mapemphero, abusa ena aimitsa.

Aphunzitsi a Mbewe: Nkhani imeneyo sitingaimalize pano, inayamba ife kulibe. Tadala atsate mpingo wa agogo ake, popeza mwambo ndi wawo. Akanakhala a Katolika ndikanamuuza kuti mzere wa a Sitela ulowe. M'malo mopempha, ndime yachitatu inene chimene Mulungu wachita kale, kenako ipemphere otsala. Pali vesi ina yomwe anthu saigwiritsa ntchito kawirikawiri koma ndi ya munthu wamkulu ngati ameneyu, Yobu 5:26, yonena za kufika kumanda utakalamba monga mtolo wa tirigu wotutidwa pa nyengo yake. Kwa alimi a ku Dowa palibe chofotokozera. Chenjezo langa ndi lakuti fanizo limeneli ndi la okalamba okha. Salimo 90:10 imatchula zaka 70, kapena 80 ngati pali mphamvu, ndipo agogowa anapitirira. Wina asadzatenge ndime imeneyi kukaimba pa maliro a mnyamata wa zaka 25, mudzapweteka mayi wake.

Tadala:
Monga mbewu ikakhwima
Mwakolola nthawi yake;
Limbitsani otsalafe,
Makamaka mayi athu.

Ndinafuna kulemba agogo athu koma agogo akukana kukhala pamalopo.

Aphunzitsi a Mbewe: Akukana chifukwa ndi a maphatikizo atatu, mzere ukanakhala 9. Mayi athu ali bwino, ndiponso ana awo enieni ndi amene akhale pafupi nawo, mawuwo akhala awo.

Mayi Nabanda: Mzere womalizawo wandigwetsa misozi. Pa maliro anthu amatchula malemu, amatchula mfumu, amatchula amene apereka chipepeso chambiri, wamasiye amangokhala chofunda kumutu ngati palibe. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Dzina lawo lili kuti? Munthu wamkulu chonchi nyimbo yonse osamveka mfunda wake? Ife kwathu polira timaitana, a Phiri inu, a Phiri inu. Ulemu wa munthu wamkulu uli pamenepo.

Bambo a Chisomo: Kulira ndi kwina, nyimbo ndi ina. Mukaika dzina yasanduka ndakatulo yotamanda munthu.

Mayi Nabanda: Nanga Davide polira Sauli ndi Yonatani sanawatchule maina? 2 Samueli 1, ndipo analamula kuti anthu aiphunzire nyimboyo.

Bambo a Chisomo: Imeneyo inali nyimbo ya maliro a mfumu, sinali ya m'kachisi.

Yamikani: Ine ndikuti dzina lisalowe, koma pa chifukwa china. Popanda dzina kwaya ikhoza kudzaimbanso kwina.

Aphunzitsi a Mbewe: Kwina kuti, Yamikani, komwe kuli belu ndi ndodo yomweyo? Ndime yachiwiri ndi ya munthu mmodzi basi. Yoyamba, yachitatu ndi kolasi ndiye zingadzayende. Pa za dzina ine ndili pakati. Ndodo ija ndi belu lija zikugwira kale ntchito ya dzina, aliyense wa m'mudzimo adziwa. Koma a Nabanda sakunama, kwa anthu akuluakulu mfunda ndi ulemu. Ngati mfunda wawo ndi wa maphatikizo awiri, mzere wachinayi ungakhale wakuti Gogo Phiri mwawatenga, ukwanabe 8. Kusiwa mtsogoleri akhoza kuponya choncho. Masana pa mwambo, afunse abusa.

Tadala: Mfunda wawo ndi wa maphatikizo awiri ndithu. Ndikafunsa amalume akafika, ndi iwo eni mbumba. Nanga tiimbe nthawi yanji? Akwaya akufuna poona nkhope.

Mayi Nabanda: Ayi, poona nkhope ayi. Pamenepo kulira kumakwera, palibe amve mawu ako. Pamafunika nyimbo ya m'buku imene pakamwa pamaimba pokha mutu uli kwina. Potsitsa bokosi chimodzimodzi, imeneyo ndi ya mpingo wonse. Iwe uimbe Lachisanu usiku, ulaliki woyamba ukatha, anthu atakhazikika koma tulo tisanawagwire. Amayi a Chigwirizano akaigwira usiku umenewo, Loweruka sudzavutika, adzavomera okha.

Aphunzitsi a Mbewe: Loweruka malo ake abwino ndi pambuyo pa mbiri ya malemu, ulaliki usanayambe. Anthu angomva kumene za belu ndi mabanja m'mawu wamba, kenako azimve m'nyimbo. Uwadziwitse akulu a mpingo amene akuyendetsa mwambo Lachisanu lomwelo, uwaonetse mawu olembedwa. Osadzangoimirira. Kutalika kwake, ndime zitatu ndi kolasi pambuyo pa iliyonse, moimba modekha, ndi mphindi 4 kapena kupitirira pang'ono. Musawonjezere.

Madalitso (Joni): Zoona zimenezo. Pa maliro a amayi anga kwaya inaimba ndime 7, dzuwa lili pamutu, adzukulu atatuma kale uthenga kawiri kuti kumanda zatheka. Oyendetsa mwambo anachita kuimirira n'kukweza dzanja, nyimbo inathera pakati. Mpaka lero achemwali anga akakumbuka amakwiya, sakumbukanso n'komwe kuti mawu ake ankati chiyani.

Yamikani: Chuni ndipange ine? Ndili ndi kiyibodi, ndikhoza kuika ndi ng'oma zake za m'makinamo. Kumudziko magetsi aliko?

Tadala: Kulibe. Ndipo agogo zoimbira za magetsi sankazifuna, ankati zimaphimba mawu.

Aphunzitsi a Mbewe: Panga chuni, Yamikani, koma ya pakamwa. Isatalikirane kwambiri, kuyambira do kufika la basi, ndipo uyambire pansi, chifukwa mawu a anthu ochezera sakwera. Mzere woyamba ndi wachitatu ikhale chuni imodzi, kuti ophunzira aphunzire mizere itatu m'malo mwa inayi. Usanaike noti iliyonse, yamba walankhula mzerewo mokweza kangapo, umve pamene mawu akukwera okha ndi pamene akutsika, chuni itsate pomwepo. Ukaikweza pamene pakamwa pamatsika, anthu amva chuni koma mawu awaphonya. Pa kolasi, mtsogoleri asadikire kuti anthu amalize Mbuye, alowe iwo akadakoka, momwe amachitira amayi kusiwa.

Sitela: Funso langa lina. Adzadzutsa ogonawa, ndani adzadzutse? Mukulankhula ndi Mbuye, kenako mukuti adzadzutsa ngati ndi wina. Si zomwe aphunzitsi anakana poyamba zija?

Aphunzitsi a Mbewe: Mwagwira pabwino a Sitela. M'kolasi yoponyerana zimaloledwa, mtsogoleri amauza anthu za Yesu, anthu n'kutembenukira kwa Yesuyo ndi pempho. Ndi mawu a anthu awiri osiyana. Koma ngati Tadala akufuna zonse ziloze kumodzi, anene kuti Inu nomwe munalira, kenako Mudzadzutsa ogonawa. Yonse iwiri ndi 8.

Mayi Nabanda: Ayi, Yesu naye analira isachoke. Dzina la Yesu limveke. Ndipo naye ameneyo ndi amene akutonthoza, akuti si iwe wekha.

Bambo a Chisomo: Apa ndili mbali ya a Nabanda.

Tadala: Ndisiya momwe ilili. Amalume alowa pa Dedza mawa m'mawa, za dzina ndikawafunsa ndidzakuuzani. A Yamikani, mungajambule mawu n'kunditumizira usiku uno? Ndinyamuka ndi minibasi ya 6 koloko, ndikufuna ndikaphunzire m'njira, kumudzi netiweki imavuta.

Yamikani: Ndituma isanakwane 10. Ndiimba sopulano ndi besi padera, aluto mukapezerana komweko. Aphunzitsi, pa la m'mawa paja m ndimupatse noti yofanana ndi ya la kapena itsike?

Aphunzitsi a Mbewe: Yofanana. Ukatsitsa amumeza.